Chidule cha mwana wa dyslexia chikatha fotokope sichiwerengekanso

Moni nonse aphunzitsi ndi makolo. Ndithandizeni maganizo.

Kuno ku Nsanje tili ndi mtsikana wa Fomu 2 amene ali ndi vuto la dyslexia. Akamva phunziro amaligwira bwino, koma akamawerenga amadumpha mizere, ndipo b ndi d zimamusokoneza. Akukonzekera JCE, ndiye tikumulembera zidule za Biology.

Mutu wa photosynthesis tinaudula ziganizo, chilichonse mawu osapitirira 12 ndi mfundo imodzi yokha. Tinalemba ndi zilembo za Arial 14, mpata wa mizere 1.5, mawu oyambira kumanzere osatambasulidwa mpaka kumanja, chifukwa kutambasula kumasiya mipata yosafanana imene imasocheretsa diso. Timitu tinatidetsa ndi bold. Kudula mzere kunsi tinasiya, popeza mzerewo umagunda michira ya g, p ndi y.

Kuwerenga kwapepuka ndithu, koma tsamba limodzi lasanduka masamba 4, ndipo akafika lachitatu amakhala ataiwala kuti chlorophyll ikukhudzana bwanji ndi kuwala kwa dzuwa. Ndikuganiza kuti podula ziganizo tinataya mawu olumikiza monga "chifukwa" ndi "choncho". Titachepetsa zilembo kufika 12, fotokope ya pamsika inazitulutsa zotuwa mbuu, e ndi o osasiyanitsika.

Kodi mumasunga bwanji mawu olumikizawa chiganizo chisatalike? Nanga kamutu kamodzi kazinyamula mizere ingati? Ndipo alipo amene anayesa kulemba kamutu ngati funso, monga "Tsamba limapanga bwanji chakudya?", mwana nakumbukira bwino?