Kalata yomaliza ya firiji ija ndakapereka

"Firiji yanga yatsopano yasiya kuzizira, ogulitsa akungondizemba. Ndisanakadandaule ku bungwe loteteza ogula la CFTC, ndiwalembere chiyani?"

Inu amene munandiyankha, zikomo. Kalatayo ndakapereka dzulo. Ndinalemba tsiku lomwe ndinagula, mtengo, nambala ya lisiti ndi nambala yakumbuyo kwa firijiyo, kenaka vuto lake ndi masiku atatu omwe ndinapitako n'kubwerako chimanjamanja. Poyamba ndinangoti "mundithandize", koma ndinafufuta, chifukwa mawu amenewo sawamanga. Ndinapempha chinthu chimodzi: andibwezere ndalama zanga pasanathe masiku 14, ndipo tsiku lomalizalo ndinalitchula. Likadutsa, ndikadandaula ku CFTC.

Lisiti lenileni sindinawasiyire, ndinawapatsa fotokope. Manijala anazengereza, komabe anasayina ndi kudinda pa kope langa, umboni woti kalata analandira.