Mutu wa kanema wanga ukuduka pa foni usanafike pa mawu enieni, ndiufupikitse bwanji?

Fatsani wa pa Ngabu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimajambula timakanema ta kalabu yathu ya alimi kuno ku Ngabu n'kumaika pa YouTube. Sabata yatha ndinaika ka kasungidwe ka mapira, mutu wake ndinalemba chonchi:

KANEMA WATSOPANO: Onani mmene alimi a ku Ngabu, Chikwawa akutetezera mapira ku anankafumbwe

Pa laputopu ya mnzanga, kanemayo akatsegulidwa, mutu ukuoneka wonse. Koma pa foni yanga ukuthera pa "Chikwawa aku..." basi. Pa kafoni ka malume anga ndiye ukuthera pa "Ngabu". Dzulo mayi wina wa m'kalabu momwemo anandifunsa ngati ndi kanema wa msonkhano wa ndale. Mawu amene ndikufuna anthu aone ndi "mapira" ndi "anankafumbwe", ndipo onse awiri ndi amene akumezedwa. Ndichotse chiyani, ndisiye chiyani? Dzina la Ngabu sindikufuna lichoke chifukwa anthu a kuno amatsegula akaona kuti n'za kwawo.

Bambo a Chisomo, Nchalo:
Achimwene, lamulo lake ndi limodzi: mutu usapitirire zilembo 60. Wanuwo watalika. Dulani ufike pa 60, nkhani yatha.

Esnart, Bangula:
Anankafumbwe musavutike nawo. Yanikani mapira aume gwa, muike m'matumba a PICS, mumange bwino. Ife chaka chino sitinathire mankhwala ngakhale pang'ono.

Fatsani wa pa Ngabu:
Zikomo achemwali, ndipotu kanemayo akunena zomwezo. Koma chimene chandidwalitsa mutu ndi mutu wa kanema, osati nkhokwe.

Madalitso, Blantyre koma kwathu ku Tengani:
Ndawerenga mutu wanu, a Fatsani. Uli ndi zilembo 91 kuphatikiza mipata. YouTube imalola mpaka 100, n'chifukwa chake sinakukanizeni. Koma kulola kuti mulembe n'kwina, kuonetsa zonse pa foni n'kwinanso. Pa mndandanda wa makanema foni imapatsa mutu mizere yochepa, kawirikawiri iwiri, zotsalazo imaika timadontho titatu.

A bambo a Chisomo anena zoona theka. Nambala ya 60 ija anthu anaitenga ku zotsatira za Google pa kompyuta, kumene mutu umaduka ukafika pafupifupi mapikiselo 600 m'lifupi. Mawu ofunika apa ndi "m'lifupi". Makina sawerenga zilembo, amayeza malo amene zilembozo zatenga. Lembani mizere iwiri iyi pa foni yanu muone:

```
mmmmmmmmmm
iiiiiiiiii
```

Muilembe ngati uthenga wamba pa WhatsApp. Zonse ndi zilembo khumi, koma wa "m" utalika kuposa wa "i" kawiri n'kupitirira. Ndiye taganizani Chichewa chathu mmene chadzazira "m" ndi "w": mmene, mwamsanga, anankafumbwe. Zilembo zazikulu nazo zimadya malo ambiri, choncho KANEMA WATSOPANO wanuyo wadya malo oposa a zilembo 17 zazing'ono, ndipo sanauze munthu kalikonse. Amene ali pa YouTube akudziwa kale kuti akuona kanema, ndipo pakatha miyezi itatu sadzakhalanso watsopano.

Za foni ya malume anu, ndikukhulupirira anakulitsa zilembo kuti aziona bwino, monga amachitira achikulire ambiri. Apo mzere umodzi umalowa mawu ochepa. Ndiye palibe nambala imodzi yoti ikupulumutseni pa foni iliyonse. Chimene mungachite n'kuonetsetsa kuti ngakhale mutu utaduka msanga, mawu enieni akhale atatuluka kale. Ine ndimayesetsa kuti athere m'zilembo 30 kapena 35 zoyambirira. Mwa inu "mapira" akuyamba pa chilembo cha 70, "anankafumbwe" pa cha 80.

Bambo a Chisomo, Nchalo:
Ndiye mwabwerera pomwe paja. Afupikitse.

Madalitso:
Ayi bambo, kufupikitsa kokha sikukwanira. Akangodula mchira kuti zitsale 60, atsala ndi "KANEMA WATSOPANO: Onani mmene alimi a ku Ngabu, Chikwawa", mutu waufupi wopanda mapira. Choyamba n'kusamutsa, kudula kumabwera pambuyo. Mutu wa zilembo 75 umene mawu ake enieni ali kutsogolo umaposa wa 55 umene wawasiya kumapeto.

Vuto lake n'loti ife tikamayankhula timayamba ndi mwini ntchito, kenako mneni, chinthu chochitidwacho n'kubwera kumapeto: alimi akuteteza mapira. Pakamwa zimamveka bwino. Pa mutu, zikutanthauza kuti chinthu chimene munthu akufunafuna ndiye chomaliza. Ndiye muutembenuze. Chotsani KANEMA WATSOPANO, chotsani "Onani mmene", chotsaninso "alimi a", chifukwa amene amateteza mapira amadziwika. "Chikwawa" mupititse m'bokosi la Description. Mneni wautali "akutetezera" asanduke "kuteteza".

Fatsani wa pa Ngabu:
Ndayesa chonchi: "Mapira ndi anankafumbwe: mmene tikuwatetezera ku Ngabu". Zilembo 54. Bwanji pamenepa?

Mayi Mphunzitsi, Nsanje Boma:
Mwana wanga, mukuteteza ndani, mapira kapena anankafumbwe? Ka "wa" kali mu "tikuwatetezera" kakhoza kuimira onse awiri. Ine ndawerenga ngati ku Ngabu mwayamba kuweta anankafumbwe.

Esnart, Bangula:
Kkkkk amayi mwandipha. Kalabu yoweta anankafumbwe!

Madalitso:
Amayi agwira penipeni, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri pofupikitsa Chichewa. Ukachotsa dzina n'kusiya kachidutswa koliimira m'kati mwa mneni, umapulumutsa zilembo koma tanthauzo limasokonekera. Ine ndikanalemba chonchi:

Kuteteza mapira ku anankafumbwe: njira ya ku Ngabu

Zilembo 50. Mawu awiri aja atha pofika pa chilembo cha 31. Tsopano uyeseni poudula ndi dala. Phimbani ndi chala kuyambira pa "njira": kwatsala "Kuteteza mapira ku anankafumbwe", nkhani yonse ilipo. Phimbani kuyambira pa "ku" woyamba: kwatsala "Kuteteza mapira", munthu akudziwabe chimene akutsegula. Ngabu ali kumchira, ndiye pa foni ya malume akhoza kugwa, koma akagwa palibe chawonongeka. Ngati mukufuna dzina la dera lioneke ndithu, lilembeni ndi zilembo zikuluzikulu pa chithunzi chapachikuto cha kanemayo, pamenepo timadontho titatu sitifika. Mawu awiri kapena atatu basi, ndipo musawaike pa ngodya ya m'munsi kumanja chifukwa pamakhala nambala ya kutalika kwa kanema.

Kuyesa kophimba ndi chalaku musakudumphe, makamaka mutu ukakhala ndi chenjezo kumapeto. "Thirani mankhwala m'mapira pokhapokha atauma bwino" ukaduka pa "m'mapira" wauza mlimi zosiyana ndi zimene munafuna. Mutu wotere uyambe ndi chenjezolo: "Mapira osauma musawathire mankhwala".

Powerenga zilembo musamavutike ndi chala. Mu Google Sheets lembani mutu mu A1, pambali pake muike:

```
=LEN(A1)
```

Imawerengera ndi mipata yomwe.

Yohane Wakabaza, Dyeratu:
Ine ndikutsutsa pang'ono. Makanema amene ine ndimatsegula ndi aja amayamba ndi "Onani zimene zachitika". Amakoka mtima. Mutu wa a Madalitso ukumveka ngati kabuku ka alangizi.

Madalitso:
Pa nkhani ya ngozi pa Thabwa kapena Shire akasefukira, mwina zimakoka. Koma a Fatsani akufuna mlimi amene watsegula thumba n'kupeza ufa m'malo mwa mapira, n'kulemba "mapira" pofufuza. Ameneyo maso ake akusaka mawu amene walembawo. Zokoka mtima zikhoza kubwera pambuyo pa timadontho tiwiri, mwachitsanzo "sitinathire mankhwala" m'malo mwa "njira ya ku Ngabu". Zitengera a Fatsani kuti pa ziwirizi chimene chingakoke anthu awo n'chiti.

Yohane Wakabaza, Dyeratu:
Bola "sitinathire mankhwala". Ameneyo ndingatsegule.

Grace, Chikwawa Boma:
Pepani ndilowetse yanga. Ine ndimaika nkhani pa webusaiti ya kabungwe kathu. Ndikatumiza linki pa WhatsApp, chimene chimaoneka ndi dzina la bungwe lonse, lalitali ngati njanji, mutu wa nkhani n'kuduka pa mawu achiwiri. Ndafupikitsa mutu katatu, palibe chasintha.

Madalitso:
Achemwali, yanu ndi ina. Tsamba la webusaiti limakhala ndi mitu ingapo. Umene mukusintha inu ndi uja wowoneka pamwamba pa nkhani. Google kawirikawiri imatenga wa mu `<title>`, pomwe WhatsApp ndi Facebook amayang'ana `og:title`. Webusaiti yanu ikuika dzina la bungwe kutsogolo yokha. Amene anaikonza asinthe kuti dzinalo lipite kumapeto kapena lichoke:

```
<title>Mitengo ya chitowe sabata ino | Dzina la Bungwe</title>
<meta property="og:title" content="Mitengo ya chitowe sabata ino">
```

Ngati ndi WordPress yokhala ndi Yoast, pansi pa nkhani pali bokosi la SEO title, mukhoza kusintha nokha. Mutu wautali wa pamwamba pa nkhani usiyeni mmene ulili, koma slug, mawu aja a kumapeto kwa linki ya nkhaniyo, musaikhudze, chifukwa linki imene munatumiza kale ikhoza kufa. Mukasintha, Facebook imasungabe mutu wakale mpaka muike linkiyo mu Sharing Debugger n'kudina Scrape Again. Mauthenga amene anapita kale pa WhatsApp sasintha. Dziwaninso kuti Google nthawi zina imalemba mutu wakewake ikaona kuti wanu watalika kapena sukugwirizana ndi nkhani, ndiye mutu waufupi wolunjika umachepetsa zimenezo.

Fatsani wa pa Ngabu:
Nanga ine ndikasintha mutu, anthu 140 amene aonera kale aja afufutika?

Madalitso:
Ayi. Pa YouTube linki ndi chiwerengero cha owonera sizidalira mutu. Sinthani mu YouTube Studio, kanema akhala yemweyo.

Mayi Mphunzitsi, Nsanje Boma:
Funso langa ndi lina. Kodi anthu akamafufuza amalemba "anankafumbwe" kapena "nankafumbwe"? Ine ndimamva ambiri akuti "chimanga chalowa nankafumbwe". Komanso kunoko ena amafufuza m'Chisena, ena m'Chingerezi.

Madalitso:
Pamenepo tingoyerekeza, amayi. Yankho lili mu Analytics ya a Fatsani, pamene pamaonetsa mawu amene anthu analemba pa YouTube search asanapeze kanemayo, ngakhale ndi owonera 140 mwina mukhala mopanda kanthu. Ine ndikanaika limodzi pa mutu, linalo ndi la Chingerezi mu Description. Kupanikiza onse pa mutu n'kubwerera ku zilembo 91.

Bambo a Chisomo, Nchalo:
Chonsecho mwathera pa 50. Ine ndinati 60. Sindinaname.

Fatsani wa pa Ngabu:
Ndasintha. Ndaika "Kuteteza mapira ku anankafumbwe: sitinathire mankhwala", Ngabu ndamulemba pa chithunzi. Pa foni yanga ukuoneka wonse. Pa ya malume ukuthera pa "sitinathire man...", ndiye akuti anthu aziyesa kuti sitinathire manyowa. Madzulo ano ndiyesa wa "njira ya ku Ngabu" uja magetsi akabwera.