Mafunso amene anasiyidwa m'malere pa msonkhano: ndiwapeza bwanji?

Mlembi watsopano: Akuluakulu, thandizeni. Atcheya andiuza kuti ndiwatolere mafunso onse amene sanayankhidwe pa msonkhano wa bodi, kuti awalondole limodzilimodzi. Msonkhano unatenga maola awiri, ndipo mnzanga anautayipa mawu ndi mawu kuchokera pa rekodingi, masamba 38. Ndachita `Ctrl+F` pa chizindikiro cha `?` ndipo chapezeka ka 61. Onsewa ndipereke?

Wa ku akaunti: Tangotengani gawo la zoyenera kuchita m'maminitsi mutumize. Si zomwezo?

Mlembi watsopano: Ayi bambo, zoyenera kuchita zili kale ndi eni ake. Atcheya akufuna zimene zinafunsidwa koma n'kungodutsa.

Mayi wa maminitsi: Mwanawe, 61 imeneyo usaikhulupirire. Ambiri mmenemo ndi "eti?", "mukundimva kumbuyoko?", "tipitirize?" Amenewo fufuta. Choopsa ndi chimene chizindikirocho sichingagwire. Munthu waulemu safunsa mwachindunji pamaso pa mabwana. Amati "mwina ndinaphonya, koma sindinamve kuti kontirakitiyi ikutha liti." Wotayipa amaika mpumiro pamenepo, funso n'kubisala. Ndiye sakanso mawu awa: kodi, liti, ndani, bwanji, zingati, sindinamve, ndimafuna kudziwa. Ukatero uwerengebe masamba onse, palibe kuzemba.

Ine ndimawerenga kawiri. Ulendo woyamba ndimangopaka chikasu pa funso lililonse, osalabadira yankho. Wachiwiri ndi pamene ndimatsata funso lililonse mpaka mutu wa ajenda utasintha. Ukachita zonse nthawi imodzi, khutu limakunamiza, chifukwa munthu akalankhula nthawi yaitali pambuyo pa funso umangoti wayankha.

Mlembi watsopano: Zimenezo zandichitikira pa tsamba 14. Membala wina anati: "Galimoto yakonzedwa kawiri mwezi umodzi, zatenga ndalama zingati, ndipo anavomereza ndani?" Msungichuma analankhula theka la tsamba za kukalamba kwa galimotoyo, kenako anatchula ndalama. Ndinalemba kuti layankhidwa.

Mayi wa maminitsi: Pamenepo pali mafunso awiri atavala malaya amodzi. La ndalama latha. La "anavomereza ndani" silinakhudzidwe n'komwe, ndipo mwina ndi limene wofunsayo ankafuna kwenikweni. Uligawe pawiri, lachiwirilo lilowe pa mndandanda. Muyeso wanga ndi uwu: funso la "liti" lifuna tsiku, la "ndani" lifuna dzina kapena udindo, la "zingati" lifuna nambala. Ngati chimenecho mulibe m'yankho, silinayankhidwe, ngakhale wofunsa atanena kuti zikomo.

Mlembi wa komiti ya antchito: Kwathu "tibwereranso" timaliwerenga ngati yankho. Nkhani yaimikidwa basi, ikatuluka yokha pa msonkhano wotsatira.

Mayi wa maminitsi: Ikatuluka ngati inalembedwa, achimwene. Akati "msungichuma abweretsa malisiti pa msonkhano wamawa," ilo lili ndi mwini ndi tsiku, lipite ku zoyenera kuchita. Koma "tiona" wopanda dzina ndi manda a funso. Limenelo ndi la atcheya.

Chinanso mwanawe, usanatseke mndandanda yang'ana masamba omaliza, pa nkhani zina. Nthawi zambiri munthu amakumbukira kumapeto n'kuti "pa za galimoto zija, anasaina ndi manijala." Ukapereka funso loyankhidwa kale, atcheya akachita manyazi poimba foni, ndipo manyaziwo akabwerera kwa iwe.

Wa ku akaunti: Ine zinandionekera. Wotayipa anasokoneza mawu a anthu awiri, funso analiika pa dzina la wina. Tcheya wathu analembera munthu wolakwika kuti tikufufuza nkhani yanu, iye n'kudabwa kuti nkhani iti. Lembani miniti ya pa rekodingi pa funso lililonse, mumvetserenso nokha musanaike dzina.

Mlembi watsopano: Ndamaliza kuwerenga kawiri. Pa 61 aja enieni anali 23, ndapezanso 5 opanda chizindikiro. Osayankhidwa atsala 7. Mzere uliwonse ndaulemba chonchi: tsamba 14, miniti 47, wofunsa, funso m'mawu ake, amene anafunsidwa, zimene ananena, chimene chatsala. Koma limodzi landivuta. Munthu anafunsa atcheya eniake chifukwa chimene malipoti amafika mochedwa, iwo anangoseka n'kupita pa mutu wina. Ndiliike?

Mlembi wa komiti ya antchito: Lisiye mwana, ntchito ndi yako iyi. Kapena ukawauze pakamwa.

Mayi wa maminitsi: Ine ndingaliike, m'mawu a wofunsayo, popanda ndemanga, ndipo za kusekazo osalemba. Pa "zimene ananena" ungoti palibe. Anapempha onse, sanati kupatula awo.

Mlembi wa komiti ya antchito: Mayi, inu mwakhalitsa pa mpando wanu, akuopani. Uyu wangoyamba kumene.

Mlembi watsopano: Ndaliika pa nambala 7, pansi penipeni. Imelo sindinatumizebe.