Chikho chathu chathera pa mapenate, ndalama tipatse ndani?

Mlembi (Highfield): Akuluakulu a kuno ku Zimbabwe, madola 300 amene aNgozo anapereka pa chikho cha achinyamata kwathu ku Ntcheu sanaperekedwebe. Ndime yomaliza inathera 1-1, woyimbira anapita ku mapenate, a Kumtunda anapambana 8-7. A Kudambo akukana. Akuti nthawi yowonjezera sinaseweredwe, komanso kaputeni wa Kumtunda anamenya kawiri.

aNaphiri (Mabvuku): Ndalamayo ili m'manja mwa ndani panopa? Ndiyambe ndamva zimenezo.

aJere (Mbare): Mayi, dikirani kaye. Mlembi, kodi alipo anatulutsidwa ndi kadi yofiira?

Mlembi: Eya, wa Kumtunda mmodzi. Anamaliza ali 10.

aJere: Ndiye vuto lagona pamenepo. Ine ndayimbira mpira zaka zambiri kuno. Mpira ukatha timu ina ili ndi anthu ochepa, inayo imachotsa munthu kuti afanane, ndipo woyimbira amauzidwa dzina ndi nambala ya wochotsedwayo asanayambe kumenya. A Kudambo anayenera kutsala 10. Poti sanachotse, atamenya khumi khumi zili 7-7, a Kumtunda anali atatha onse, ndiye kaputeni wawo, katswiri weniweni, anabwereranso. A Kudambo anatsala ndi munthu wawo wa nambala 11, amene aliyense ankadziwa kuti mwendo umanjenjemera. Mwaona? Timu yolakwa ija ndi imene inapindula ndi kadi yofiira. Lamuloli analiika kuti zoterezi zisamachitike.

Achimwene a Tafara: Koma munthu saloledwa kumenya kawiri, ndi lamulo limenelo.

aJere: Amaloledwa, achimwene, bola anzake onse oyenera akhale atamenya, ndi goloboyi yemwe. Kaputeniyo sanabe. Analakwitsa ndi woyimbira.

Achimwene a Tafara: Ngati Zambia pa ndime yomaliza ya chikho cha Africa mu 2012 paja, 8-7 yomweyo, anamenya timu yonse.

aJere: Ayi. Ku Libreville, ku Gabon, Zambia ndi Ivory Coast anamenya asanu ndi anayi mbali iliyonse, Sunzu n'kutsiriza. Mukunena za 2015, Ivory Coast 9-8 Ghana. Kumeneko zinafika pa magoloboyi, Boubacar Barry wa Ivory Coast anagwira ya mnzake kenako n'kumwetsa yake.

aNaphiri: Za ku Gabon zitithandiza chiyani? Ndalama ya mjigo ija munatiuzanso kuti tidikire kaye. Mpaka lero amayi akutunga kudambo.

Msungichuma: Malisiti a mjigo ndinawawerenga pamsonkhano wa ku Mufakose, inu kunalibe. Musandiyipitsire dzina pagulu.

aNaphiri: Kuwerenga si kuonetsa, bambo.

aNgozo (Mufakose): Ine ndinapereka kuti ana asangalale. Nanga nthawi yowonjezerayo, aJere? Mdzukulu wanga akuti anawabera mphindi 30.

aJere: Malume, mphindi 30 zija, 15 uku 15 uku, sizibwera zokha. Malamulo a mpira amalola eni mpikisano kusankha: nthawi yowonjezera kenako mapenate, kapena mapenate mpira ukangotha. Chofunika n'chakuti zilembedwe mpikisano usanayambe. Ife tinalemba? Tinangotumiza mipira ndi yunifomu basi. Ndipo bwalo lija lilibe magetsi. Mpira woyamba 3 koloko n'kuchedwanso, muwonjezere theka la ola, mapenate mudzamenya goloboyi osauona mpira. Pamenepo woyimbira sindimudzudzula.

Mayi a Chisomo (Chitungwiza): Bwanji sanangoti woyamba kugoletsa wapambana? Mwana wanga kusukulu anatero.

aJere: Chigoli chagolide chija anachichotsa m'malamulo mu 2004, mayi. Chinanso, Mlembi, funsani ngati onse amene anamenya anali m'bwalo wenzulo yomaliza ikulira. Wa pabenchi samenya. Ndikufunsa chifukwa kumudzi amakonda kuvula jezi n'kupatsa mnzawo anthu akadzadza m'bwalo.

Mlembi: Ndamva kuti a Kudambo anachitadi zimenezo pa penate yachitatu.

aJere: Ndiye akudandaula chiyani? Onse awiri manja ndi akuda.

Achimwene a Tafara: aJere, mkazi wanu kwawo ndi Kumtunda, tisanamizane.

aJere: Ndangonena kumene kuti a Kudambo anaponderezedwa pa nkhani yochotsa munthu. Werengani bwino musanalembe. Maganizo anga ndi awa: abwereze mapenate okha, anthu 10 mbali iliyonse mwa amene anamaliza mpira, woyimbira wina, mayere awiri a ndalama yachitsulo, oyamba osankha golo, achiwiri osankha woyamba kumenya.

aNgozo: A Kumtunda avomera? Chikho anavina nacho kale mpaka kwa amfumu. Ine ndikuti agawane 150 150.

aJere: Mpira wachipulula sagawana, malume. Mukatero chaka chamawa aliyense wogonja adzabwera ndi dandaulo.

aNaphiri: Gawanani kapena bwerezani, koma ndalamayo isadzere kwa Msungichuma.

Msungichuma: Mlembi, ndichotseni pa udindo ngati zili choncho.

Mlembi: Palibe akuchotsedwa. Tikambirana Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Amene simunapereke ya maliro ya mwezi uno mubwere nayo.