Akuti mitu ya masilaidi anga sikunena kanthu, ndiilembenso bwanji?

Nangozo, Bembeke

Moni nonse apagulu. Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a mbatatesi kuno ku Bembeke. Lachinayi likudzali tikakumana ku Dedza boma ndi a bungwe lomwe limatithandiza, ndipo andipatsa mphindi 15 zokha. Ndakonza masilaidi 8 pa PowerPoint, mitu yake ndi iyi: Chiyambi, Mamembala, Zokolola, Mbewu, Msika, Zovuta, Bajeti, Pomaliza. Alangizi athu ataona anati mitu imeneyi sikunena kanthu, ndiilembenso ikhale ziganizo zathunthu. Koma mutu ungakhale bwanji chiganizo osadzaza silaidi yonse?

Kuti mundimvetse, pa silaidi ya Zokolola pali girafu yosonyeza matumba 900 chaka chatha ndi 720 chaka chino. Pa ya Mbewu pali tebulo: mamembala 40 amene anabzala mbewu yosunga okha anapeza matumba 10 aliyense tikagawa mofanana, pomwe 20 amene anagula mbewu yatsopano anapeza 16 aliyense. Chimene tikukapempha ndi ngongole yogulira mbewu.

A Mbewe, Ntcheu

Mayi, alangizi anuwo anena zoona. Mawu oti "Zokolola" akungotchula nkhani, ngati chikwangwani cha pa chitseko. Munthu akawerenga sakudziwa ngati zakwera kapena zatsika, ndiye amasiya kukumverani n'kuyamba kufufuza yekha pa girafu. Akamapeza yankho, inu mwapita kale patsogolo.

Chitani chonchi. Tsegulani silaidi ya Zokolola, phimbani mutuwo ndi dzanja, yang'anani girafu, kenako nenani mokweza ngati mukuuza mnzanu amene sanabwere: "Zokolola zatsika." Chiganizo chayamba kale pamenepo, chifukwa muli mneni. Tsopano dzifunseni, zatsika bwanji? Kuchoka pa 900 kufika pa 720 ndi matumba 180, amene ndi 20 peresenti ya 900. Mutu wanu ndi uwu:

Zokolola zatsika ndi matumba 180 chaka chino, kuchoka pa 900 kufika pa 720

Samalani ndi mneni amene mwasankha. "Zokolola zasintha" kapena "Tiona za zokolola" ndi ziganizo ndithu, koma zangovala malaya a chiganizo, mkati mulibe kanthu. Mneni asonyeze komwe zinthu zalowera: zatsika, zakwera, zachedwa, zaposa, tikupempha. Muyeso wake ndi wapafupi. Mutu wabwino ndi woti wina mu holomo atha kuimika dzanja n'kunena kuti "ayi, si zoona". Palibe angatsutse mawu oti "Msika".

Chisale

Ine ndikuona ngati mukumusokoneza mayiyu. Pa silaidi mawu azichepa, ndi zomwe tonse tinaphunzitsidwa. Mutu ukhale wa mawu awiri kapena atatu, zina zonse azinena pakamwa. Anthu sangawerenge ndi kumvera nthawi imodzi.

A Mbewe, Ntcheu

Achimwene a Chisale, zoti anthu sangawerenge ndi kumvera nthawi imodzi ndi zoona, koma mawu ofunika kuchepetsa ndi am'munsi, osati a pamutu. Mutu ukanena mfundo, timizere tisanu tam'munsi sitifunikanso, pamangotsala girafu yochitira umboni. Mukawerenga mawu onse pa silaidi mupeza kuti achepa. Njira imeneyi Michael Alley wa ku yunivesite ya Penn State ku America anaiphunzitsa kwambiri kwa mainjiniya ndi asayansi: mutu wa chiganizo wosapitirira mizere iwiri, pansi pake umboni wooneka ndi maso.

Nanyoni

Ndiyankhepo za mantha anu oti chiganizo chidzaza silaidi. Vuto ndi kukula kwa zilembo. PowerPoint imayamba ndi mutu wa saizi 44, ndiye chiganizo cha Chichewa, mmene mawu athu atalikiramu, chimatenga mizere itatu. Tsitsani pa 28. Pa saizi imeneyo mzere umodzi umalowa zilembo pafupifupi 60 kapena 70 malinga ndi fonti, ndipo mizere iwiri imakwanira mawu 12 mpaka 15 a Chichewa.

Musasinthe silaidi imodziimodzi. Pitani pa View, musankhe Slide Master, mudine silaidi yaikulu ya pamwamba penipeni kumanzere, musinthe mutu ukhale 28 ndipo uyambire kumanzere osati pakati. Mukatseka, mitu ya masilaidi am'kati itsatira, kupatula imene munaisintha kale pamanja. Pa masilaidi amenewo pitani pa Home, mudine Reset.

Chinanso, chiganizo chikatalika PowerPoint imachepetsa yokha zilembo kuti zikwane. Mumazindikira pamene mutu wa silaidi ina ukuoneka waung'ono kuposa unzake. Zikatero musalole, dulani mawu. Oyamba kuchotsa ndi awa: "Girafu iyi ikusonyeza kuti", "Monga tikuonera", "M'chaka chimenechi tinapeza kuti". Aliyense akuona kuti ndi girafu.

Bambo Kamwendo, Tsangano

Mayi, vuto lanu si mbewu yokha. Mvula ikachuluka ndi nkhungu ya kumapiri kuno, chiwawu chimatha munda m'masiku ochepa ngati simunapopere. Mbewu yobwereza imatopa inde, koma funsani kaye kuti ndi angati anapopera mankhwala pa nthawi yake.

Nangozo, Bembeke

Zikomo bambo, ngakhale funso langa linali la masilaidi. A Mbewe, ndayesa ya Mbewu, ndalemba kuti "Mbewu yobwereza ndiyo yatsitsa zokolola zathu". Ili bwino?

A Mbewe, Ntcheu

Ngati chiganizo ili bwino, koma yanena zoposa zimene tebulo lanu lingachitire umboni, ndipo a Kamwendo akuthandizani pamenepa ngakhale amayankha zina. Tebulo likungonena kuti gulu lina linapeza 16, lina 10. Silikunena chifukwa. Amene anakwanitsa kugula mbewu yatsopano mwina ndi omwewonso anakwanitsa feteleza ndi mankhwala a chiwawu. Mwinanso minda yawo ndi yaikulu, pakuti mwawerenga matumba pa munthu osati pa ekala. Komanso ngati ambiri ankabwereza mbewu chaka chathanso, mbewu payokha sikufotokoza kutsika kwa chaka chino. Wina wa kubungweko akafunsa limodzi mwa mafunso amenewa, mutu wanu wagwa, ndipo pempho la ngongole ligwera limodzi.

Apa ndi pamene mitu ya ziganizo imavutira. "Mbewu" sunganame chifukwa sukunena kanthu, koma chiganizo chitha kunama. Lembani chokhacho chimene manambala akuvomereza:

Amene anagula mbewu yatsopano anakolola matumba 16 aliyense, obwereza mbewu anakolola 10

Ngati m'kaundula wanu muli kukula kwa munda wa aliyense, werengerani pa ekala usiku uno, mutuwo ukhala wamphamvu kwambiri. Ngati mulibe, usiyeni choncho, ndipo munene pakamwa kuti kukula kwa minda simunakuwerengere. Mawu ngati "chifukwa cha" ndi "ndiyo yachititsa" muwaike pamutu pokhapokha umboni wake uli pansi pomwepo.

Mukasintha mutu, bwererani ku tebulo. Nambala iliyonse ya pamutu izipezeka msanga m'munsi, choncho 16 ndi 10 zidetseni kapena zipatseni mtundu wina. Pa silaidi ya Zokolola, 180 palibe pa girafu yanu, ilembeni pakati pa mizati iwiriyo.

Nanyoni

Ya Zovuta ikuvutitsani kuposa zonse, ndikuuzirenitu. Silaidi imeneyo nthawi zambiri imakhala dengu lotayiramo chilichonse: misewu, mitengo, mbewu, kosungira. Mukayesa kulemba chiganizo chimodzi mupeza muli "ndipo" katatu. Chimenecho ndi chizindikiro choti pali mfundo zingapo pa silaidi imodzi. Mwina mugawe, dinani silaidiyo kumanzere kenako Ctrl+D, iliyonse ikhale ndi mfundo yake. Koma ndi mphindi 15 zokha, ine ndingasankhe vuto limodzi logwirizana ndi pempho lanu, monga kusowa ndalama nthawi yogula mbewu, enawo n'kuwasiya ku pepala logawa.

Bajeti nayo isakhale "Bajeti". Ikhale pempho lenilenilo: tikupempha ngongole ya ndalama zakuti, yogulira mbewu mamembala 40, tibweza mwezi wakuti. Ambiri amabisa pempho pa silaidi yomaliza m'tizilembo tating'ono, pomwe ndi chimene abwerera.

Mphunzitsi wa ku Lizulu

Ine sindikugwirizana nazo kwathunthu. M'kalasi ndimaika mutu ngati funso, monga "N'chifukwa chiyani zokolola zatsika?", kuti ophunzira aganize kaye. Mukaika yankho pamutu, atsala ndi chiyani choti amvere? Komanso kwathu kuno kuika nkhani yoipa pamwamba m'zilembo zikuluzikulu, pamaso pa alendo ndi mafumu, ena amakuona ngati kuyalutsa gulu.

A Mbewe, Ntcheu

Aphunzitsi, m'kalasi funso lili ndi malo ake, chifukwa cholinga ndi choti ana apeze okha yankho ndipo inu mulipo kuwatsogolera. Msonkhano wa mayiwa ndi wina. A kubungwe adzapempha masilaidiwo pa WhatsApp kapena imelo kuti akaonetse abwana awo amene sanabwere, ndipo abwanawo adzangowerenga mitu pafoni. Funso lopanda yankho silidzawauza kanthu.

Za kuyalutsa gulu, pamenepo muli ndi mfundo, ndipo mayi Nangozo ndi amene akuwadziwa anthu awo. Chimene ndingakane ndi kubwerera ku mutu wobisa. Angathe kufewetsa kanenedwe, nambala osaichotsa: "Takolola matumba 720 chaka chino, ochepera ndi 180 poyerekeza ndi chaka chatha". Ndipo apampando aone mituyi Lachinayi lisanafike, asakaione koyamba pa khoma.

Mphunzitsi wa ku Lizulu

Kufewetsako ndavomera. Koma ndikuonabe kuti silaidi imodzi ya funso koyambirira imadzutsa anthu, ngakhale akuluakulu.

Nanyoni

Mukamaliza, mayi, yesani izi. Pitani pa View, kenako Outline View. Kumanzere kutuluka mitu yonse motsatizana pamodzi ndi timizere tam'munsi. Werengani mitu yokha kuyambira pamwamba, kapena muwerengereni munthu wapanyumba amene sadziwa za kopaletivi, kenako mumufunse kuti mukupempha chiyani ndipo chifukwa chiyani. Akalephera, pali mutu wofooka kapena masilaidi sanatsatane bwino. Kwa inu zimveke motere: zokolola zatsika, ogula mbewu yatsopano anapeza zambiri, ambiri alibe ndalama nthawi yogula mbewu, tikupempha ngongole yakuti. Silaidi imene simungathe kuilembera chiganizo ndiye kuti ilibe mfundo, ichotseni. Ndikukayikira Chiyambi ndi Pomaliza.

Mukaona kuti pa Outline View silaidi ina ilibe mutu pomwe pa silaidipo mutu ukuoneka, ndiye kuti munaulemba mu Text Box wamba, osati m'bokosi la mutu. Mutu wotere sutsatira zomwe mwasintha ku Slide Master. Pa Home dinani Layout, musankhe Title Only kuti bokosi la mutu libwere, musamutsire mawuwo mmenemo.

Nangozo, Bembeke

Ndachotsa Chiyambi ndi Pomaliza, ndatsala ndi 6 kuwonjezera ya kutsogolo ya dzina la kopaletivi. Maekala ndawapeza a mamembala 47 okha mwa 60. Ndiwerengere pa ekala ndi amenewa, kapena ndisiye pa munthu? Ya Msika ikundikanikabe, pali mitengo ya miyezi isanu koma sindikuona choti ndinene.

A Mbewe, Ntcheu

Werengerani ndi 47 omwewo, bola magulu onse awiri alimo mokwanira, ndipo pansi pa tebulo mulembe kuti ndi mamembala 47 mwa 60. Ya Msika, pezani mwezi umene mtengo unali wotsikitsitsa ndi umene unali wokwera kwambiri, kenako muone m'kaundula kuti matumba ambiri munagulitsa mwezi uti. Ikani mitengoyo pano ndi matumba a mwezi uliwonse, tiione limodzi.