Mapaipi a madontho ku dimba la amayi: kutseka kwa timabowo

Mlembi (Lilongwe): Moni nonse. Loweruka ndinali kumudzi ndipo ndinafika ku dimba lija tinasonkhera. Zithunzi ndi izo. Mzere umodzi womwewo, tomato wina wabiriwira, mnzake pambali pake wafota ngati sanamwepo madzi. Amayi akuti pena pakudontha, pena pouma gwa. Funso ndi lakuti tigule mapaipi ena kapena titani? Mu akaunti muli ndalama zija tinasungira khonde la sukulu ya mkaka.

Msungichuma (Blantyre): Ndalama za khonde zisakhudzidwe chonde. Mapaipiwa tinaika mu Meyi, lero ndi Seputembala. Miyezi inayi yokha atha kale? Ndiye kuti tinagula zachinyengo.

aChisale (Joni): Vuto ndi presha basi. Ndinanena tsiku lomwe lija kuti thanki mwaiika pansi kwambiri. Ku famu kumene ndinkagwira ku Limpopo madzi amachita kukankhidwa ndi injini. Kwezani thanki, muone ngati sadontha onse.

Nangozo (kumudzi): Zikomo makosana. Ine ndi amene ndimatsegula madzi m'mawa uliwonse. Mizere ya kufupi ndi thanki ilibe vuto kwenikweni. Yovuta ndi ya kumunsi chakudambo, makamaka kumapeto. Masiku ano tikumathirira ndi makeni pomwe pauma, ngati kale lomwe.

aPhiri (Salima): Ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Mayi Nangozo, musanagule chilichonse ndithandizeni kuyeza kaye. Tengani mabotolo a madzi akumwa, muwadule pakati. Sankhani mzere umodzi mwa yovuta ija. Kumbani pang'ono pansi pa paipi, muike botolo pansi pa kabowo kamodzi. Timabowo tinayi koyambirira, titatu pakati, tinayi kumapeto. Mutsegule madzi thanki ili yodzadza, mudikire paipi ifufume, kenako muwerenge mphindi 10 pa foni. Madzi a botolo lililonse muyeze ndi kakapu ka mankhwala a ana kaja kali ndi mizere. Musathamangire, ngakhale mawa.

Malume aJere (Leeds): Pepani, pampu ya sola ija yafa? Ndinatumiza ndalama yanga yonse ine.

Mlembi (Lilongwe): Ayi malume, pampu ili moyo. Werengani m'mwambamu.

Nangozo (kumudzi): Mwadzuka bwanji. Tayeza mzere wachinayi ndi mwana wanga wa Fomu 2. Koyambirira 90, 85, 0, 80. Pakati 80, 30, 85. Kumapeto 0, 15, 70, 0. Akuti ndilembe kuti ndi mamililita.

aPhiri (Salima): Mwagwira ntchito mayi. aChisale, taonani manambalawa. Thanki yathu ili pa mamita atatu. Mamita 10 a madzi ndiwo amapanga bala imodzi ya presha, ndiye ife tili ndi 0.3 basi. Mapaipi athu analembedwa kuti kabowo kamodzi kamatulutsa lita imodzi pa ola presha ikakhala bala imodzi. Pa presha yathuyi kayenera kutulutsa kupitirira theka pang'ono, ndiye kuti pafupifupi mamililita 90 pa mphindi 10. Timabowo tabwino tikupereka zomwezo.

Likanakhala vuto la presha lokha, manambala akanatsika mwandondomeko: 90 koyamba, 80 pakati, 70 kumapeto, onse oyandikana akufanana. Koma onani kumapetoko. Kena kapereka 70, koyandikana nako ziro, ndipo atalikirana masentimita 30 okha. Madzi akufika mpaka kumapeto. Chikuwaletsa kutuluka ndi chimene chakhala m'kati mwa kabowoko. Ngakhale koyambirira, pamene presha ndi yokwanira, pali ziro m'modzi.

aChisale (Joni): Koma presha ikanakhala yambiri sikanakankha zinyalalazo?

aPhiri (Salima): Pamenepo simukunama. Madzi akamayenda mwaulesi, matope amakhazikika m'paipi, makamaka kumapeto kumene madzi otsala ndi ochepa. N'chifukwa chake kumapeto kwatseka kwambiri. Koma kukweza thanki ya malita 5,000 ndi mita imodzi kungowonjezera 0.1, ndipo thanki yodzadza imalemera matani asanu. Chitsulo cha nsanja yatsopano chingadye ndalama ya khonde yonse, timabowo totseka n'kukhalabe totseka. Ine funso langa ndi lina: matopewo akudutsa bwanji pa sefa? Mayi Nangozo, pansi pa thanki pali chinthu chakuda chonga botolo lalikulu, chimene madzi amadutsamo asanalowe m'mizere. Mukachimasula muli chiyani?

Nangozo (kumudzi): Mmm. Ndinene zoona poti ndafunsidwa. M'kati mulibe kanthu. Kansefa kaja tinachotsa mu Julayi. Kankatseka tsiku ndi tsiku, madzi osayenda, ife n'kumaima padzuwa. Mnyamata wina anati chikuchedwetsa madzi ndi chimenechi. Titachotsa anayendadi bwino milungu ngati itatu. Kali kunyumba kwanga, sikanataike.

Msungichuma (Blantyre): Aaa! Ndiye tizisonkha ife, ena azichotsa zida?

Wapampando (Zomba): Amsungichuma, modekha. Mayiwa anena okha, akanatha kubisa. Ndani mwa ife anakhala nawo pansi n'kuwauza ntchito ya sefayo? Amene anadzamanga uja anangolandira ndalama, kujambulitsa, n'kukwera njinga yake.

aPhiri (Salima): Sefa ikamatseka tsiku lililonse ndiye kuti ikugwira ntchito, mayi. Zonse zija munkazipeza pa kansefa ndi zomwe tsopano zili m'mapaipi. Kabowo kamene mumaona kunja si kokha. M'kati mwake muli kanjira kokhotakhota, kopapatiza osakwana milimita imodzi, kamene kamafooketsa madzi kuti atuluke ngati madontho. Kamchenga kamodzi kakakhala pa khona, tinzake timaunjikana pomwepo. Sefa ya nambala 120 imene tinagula imagwira tinthu tating'ono kuposa kanjirako.

Nkhani ina ndi nyengo. Mu Meyi chitsime chinali chodzadza. Pano madzi atsika, pampu yayandikira pansi, ikukoka ndi matope omwe. Mpaka mvula igwe zinthu ziziipirabe.

Nabanda (Mzuzu): Kwathu kuno ndili ndi kadimba ka anyezi kuseri kwa nyumba, madzi a pampopi. Timabowo tikatseka ndimangoboola ndi singano, basi nkhani yatha.

Nangozo (kumudzi): Ifenso ena tinaboola ndi minga ya mthethe. Mzere wachisanu ndi chiwiri.

aPhiri (Salima): Ndinaona pa chithunzi cha amlembi, pali malo a chithaphwi. Mukaboola, munga umadutsa pambali pa kanjira kaja, ndiye pamenepo sipadonthanso, pamachita kutsira. Bowo limodzi lotero limamwa madzi a timabowo tambiri, ndipo a kutsogolo kwake amasowa. Kwa inu aNabanda zikutheka poti mizere ndi yaifupi ndipo mpopi uli ndi mphamvu. Ku dimba lathu mzere ndi mamita 30, timabowo 100, presha yochepa. Mzere wachisanu ndi chiwiriwo ndi umene ndingavomere kugula wina, kapena kudula pobooledwapo n'kulumikiza.

Ya mizere inayo ndi iyi. Bwezerani sefa kaye. Tsukani thanki, pansi pake mupezapo phala la matope. Pampu muikweze pang'ono isagunde pansi pa chitsime. Kenako thanki ikadzadza, pitani kumapeto kwa mizere kumene paipi inapindidwa, mumasule. Osati yonse 20 nthawi imodzi, madzi ayenda mofooka osatsuka kanthu. Iwiri kapena itatu basi, inayo ili yotseka. Poyamba mutuluka madzi ofiira, musiyeni mpaka ayere, mupindenso. Madzi akuyenda choncho wina aziyenda ndi mzere, akufinya ndi zala pa kabowo kouma ndi kukagogoda pang'ono. Ambiri amatseguka. Ndipo onetsetsani kuti timabowo tayang'ana kumwamba, chifukwa matope amakhala pansi pa paipi.

Nangozo (kumudzi): Tayesa mizere iwiri madzulo ano. Zatuluka zofiira, zoterera ngati therere, mpaka zala kuthimbirira. Pa timabowo 9 touma, 6 tayamba kudontha. Titatu takana.

Mlembi (Lilongwe): Zoterera? Si ndere zimenezo? Chivindikiro cha thanki ndinachipeza pansi, ana akukhalira.

aPhiri (Salima): Chivindikirocho chibwerere lero lomwe, dzuwa likalowa m'thanki ndere zimamera. Koma ndere zimakhala zobiriwira. Zofiira zoterera zingakhale dothi la katondo, zingakhalenso chitsulo cha m'madzi, chija chimafiiritsa ndowa ndi simenti pa mijigo ina. Mayi, tungani madzi pamene akutuluka ku pampu, m'botolo loyera, mudzadze theka, mukhutchumule, musiye osatseka mpaka mawa. Akatuluka ali odera n'kukhazika matope pansi, pamwamba n'kuyera, ndi dothi. Akatuluka ali oyera mbee, mawa n'kupezeka afiira, ndi chitsulo. Chimenecho sefa siichigwira chikadali chosungunuka, chimakasanduka dzimbiri chitadutsa kale. Pamenepo tidzafunika kumadzadza thanki lero, kuthirira mawa, kuti dzimbirilo likhazikike pansi.

aChisale (Joni): Kuno amathira kulorini ndi asidi m'mapaipi, zonse zimasungunuka. Tumizani Jiki ndi viniga kumudziko.

aPhiri (Salima): Chonde aChisale, ziwirizo osaziphatikiza. Jiki ndi asidi zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni. Ndipo ntchito zake n'zosiyana. Asidi ndi wa zoyera zouma ngati laimu, zija zimachita thovu mukadonthezera viniga, ndipo mayi sanatchule zoyera. Kulorini ndi wa ndere ndi zoterera. Koma ngati m'madzimo muli chitsulo, kulorini amachigwetsa nthawi yomweyo kukhala dzimbiri, ndiye kuthira mwachisawawa n'kutseka timabowo totsala. Tidikire botolo lija. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nangozo (kumudzi): Nanga fetereza? Ena amafuna tizisungunula wokulitsa uja m'thanki.

aPhiri (Salima): Wa 23:21 ayi, sasungunuka yense, amasiya nsenga. Ameneyo ikani m'nthaka monga mwa nthawi zonse. Yureya amasungunuka, koma nayenso musungunulire m'ndowa kaye ndipo adutse pa sefa.

Msungichuma (Blantyre): Chabwino, ndamva. Mzere umodzi ndi tolumikizira ndingatulutse pa ndalama ya zogwa mwadzidzidzi. Koma sefa ija izitsukidwa ndi ndani? Chifukwa ikayambanso kutseka tsiku ndi tsiku, ichotsedwanso, ine ndikudziwa.

Nangozo (kumudzi): Kutsuka sikuvuta, ndi mswachi wakale mphindi zisanu zatha. Chovuta n'chakuti imatseka madzi ali pakati, ine ndapita kale kunyumba kukaphikira ana phala. Tilipo amayi 14 koma pa thanki ndimafika ndekha.

Wapampando (Zomba): Ndiye pakhale kaundula, aliyense tsiku lake.

Nabanda (Mzuzu): Kaundula anakanika pa mjigo, akatheka pa dimba? Bola kumupatsa kangachepe munthu mmodzi pa mwezi, kuchokera pa tomato akagulitsidwa ku Lizulu.

Msungichuma (Blantyre): Tikayamba kulipira wotsuka sefa, mawa wotsegula valavu afunanso zake.

aChisale (Joni): Ine za thanki sindinasinthe maganizo. Tsukani, tiona Okutobala akafika.

Mlembi (Lilongwe): Ndalemba izi: sefa ibwerere, chivindikiro chibwerere, mizere yonse itsukidwe Lachitatu, kenako mzere wachinayi uyezedwenso ndi mabotolo omwe aja. Za wotsuka sefa tikambirana Lamulungu. Mayi Nangozo, chithunzi cha botolo mawa m'mawa.

Nangozo (kumudzi): Ndaliika kale pawindo. Wina anditumizireko mayunitsi, bandulo yatsala pang'ono kutha.

Malume aJere (Leeds): Ndatumiza. Ndiye pampu ija ili bwino eti?