Leja ikusiyana ndi mndandanda wa masapulaya ndi madola 800 titatseka Epulo

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni maso. Mabuku athu ndi a madola, koma sapulaya mmodzi amatipatsa invoyisi ya mayuro. Invoyisi ya pa 10 Malichi inali mayuro 40,000, reti ya tsikulo 1.08, ndiye inalowa ngati madola 43,200. Kutseka Malichi reti inali 1.10. Pa 15 Epulo tinalipirako mayuro 15,000 pa reti ya 1.12, ndipo Epulo tatseka pa 1.11. Otsala ndi mayuro 25,000, omwe pa 1.11 ayenera kukhala madola 27,750, ndipo ndi zomwe mndandanda wa masapulaya ukundipatsa ndikauwerengera pa reti yotsekera. Koma mu leja ngongoleyi ikuoneka 28,550. Rivaluweshoni, kuyesanso ngongole za ndalama zakunja pa reti yotsekera mwezi, ndayendetsa miyezi yonse iwiri mu sisitimu yathu ya ERP momwemo, palibe jenolo yapamanja yomwe ndalowetsa. Madola 800 amenewa akuchokera kuti?

A Gondwe: Chisomo, nthawi zambiri zimenezi zimabwera rivaluweshoni ikayenda kawiri, kamodzi ku mbali ya masapulaya, kenanso ku leja pa akaunti yomweyo. Masisitimu ena amakulolani kuchita zonse ziwiri osadandaula n'komwe. Tayang'anani ngati akaunti ya ngongole za masapulaya ili m'gulu la maakaunti omwe rivaluweshoni ya ku leja imakhudza. Ikakhalamo ichotseni, ku leja kutsale maakaunti a ku banki ndi ena osadutsa mwa masapulaya kapena makasitomala.

Mayi Kalua: A Gondwe, vuto mukunenalo lilipodi, koma nambala ya Chisomo ikuloza kwina. Epulo akanayenda kawiri, kusiyana kukanakhala 750, chifukwa mayuro 25,000 kuchoka pa 1.08 kufika pa 1.11 amabala 750. Pamene 800 ndi mayuro 40,000 kuchoka pa 1.08 kufika pa 1.10. Imeneyo ndi rivaluweshoni ya Malichi yonse yathunthu, yakhala mu leja osabwezedwa.

Pali njira ziwiri zomwe masisitimu amatsata, ndipo munthu uyenera kudziwa yomwe yako yaikidwa. Njira yoyamba, zomwe zalembedwa pa tsiku lotseka mwezi zimabwezedwa pa 1 mwezi wotsatira, invoyisi n'kubwerera pa reti yake yoyamba. Malipiro akabwera, ndiponso mwezi wina ukamatsekedwa, sisitimu imawerengera kuchokera pa 1.08 nthawi zonse. Njira yachiwiri palibe kubweza. Invoyisi imasunga reti yomwe inayesedwa nayo komaliza, ndipo mwezi wotsatira imangowonjezera kapena kuchotsa kusiyana kwatsopano kuchokera pa 1.10.

Zonse ziwiri zimafika pamodzi. Mwa njira yobweza, Epulo akhala ndi 800 yobwezedwa, luzi ya 600 pa mayuro 15,000 omwe munalipira, ndi luzi ya papepala ya 750 pa otsala osalipidwawo. Kuphatikiza zonse, luzi ya Epulo ndi 550. Mwa njira yosabweza, malipiro aja abala 300 basi popeza akuyambira pa 1.10, otsalawo abala 250, ndiye 550 yomweyo. Chomwe chikuoneka kwa inu ndi theka la njira iyi ndi theka la inayo: sisitimu yawerengera kuchokera pa 1.08 poganiza kuti Malichi anabwezedwa, koma kubwezako sikunalowe. Tatiuzani, luzi yomwe inalembedwa pa malipiro a pa 15 Epulo ndi 600 kapena 300?

Chisomo: Ndi 600, mayi. Ndipo rivaluweshoni ya Epulo inalemba 750. Ndayang'ananso za a Gondwe, akauntiyo mulibe m'gulu la ku leja.

Mayi Kalua: Basi ndi zomwezo. Leja yanu yayenda chonchi:

```
43,200 + 800 - 16,200 + 750 = 28,550
43,200       - 16,200 + 750 = 27,750
```

16,200 ndi mayuro 15,000 pa reti ya invoyisi. Ndipo si ngongole yokha yomwe yakula. Luzi ya miyezi iwiriyi ikuoneka 2,150 m'malo mwa 1,350, ndiye phindu la Epulo mwalichepetsa ndi 800.

Pitani mukaone zomwe rivaluweshoni ya Malichi inatulutsa. Pamayenera kukhala madokumenti awiri, ya pa 31 Malichi ndi yobweza ya pa 1 Epulo. Zifukwa zomwe yachiwiri imasowera ndi zochepa: wina sanachonge pobweza poyendetsa, kapena tsiku lobwezera linasiyidwa lopanda kanthu, kapena mwezi wa Epulo unali usanatsegulidwe mu leja pa tsiku lomwe mumatseka Malichi, dokumentiyo n'kukanidwa n'kukhala pamzere wa zolephera. Chachitatuchi n'chomwe chimapusitsa anthu, chifukwa ya Malichi imalowa bwinobwino ndipo wotseka mwezi amaona kuti ntchito yatha.

Madalitso: Koma kodi kusiyana kwa reti sikuyenera kupita ku mpamba wa kampani, osadutsa pa phindu ndi luzi? Ine ndimadziwa kuti zinthu za pa balansi shiti timayesa pa reti yotsekera, zogulitsa ndi zowononga pa reti ya pakatikati ya mwezi, chotsalacho n'kukakhala mu rizevu. Mwina 800 yo ikungofunika kusamutsidwa.

A Gondwe: Ayi Madalitso, imeneyo ndi ntchito ina. Mukunena za kutembenuza mabuku onse a kampani yaing'ono ya kunja pophatikiza ndi a kampani yaikulu. Apa ndi invoyisi imodzi ya ndalama yakunja m'mabuku a kampani yomweyo, ndipo IAS 21, muyezo wa maakaunti wokhudza ndalama zakunja, imati kusiyana kwake kupite pa phindu ndi luzi, kaya mwalipira kaya simunalipire. Kuisamutsira ku rizevu kungobisa cholakwikacho, ngongole ikhalabe 28,550.

Chisomo: Ndaipeza. Dokumenti yobweza ili pamzere wa zolephera, uthenga wake ukunena kuti mwezi sunatsegulidwe. Ndingolemba jenolo ya 800 pamanja?

Mayi Kalua: Ngati Epulo akadali wotsegula, musalembe pamanja. Yendetsaninso dokumenti yolepherayo kuti ilowe pa 1 Epulo monga inayenera kukhalira. Malichi musamukhudze, nambala zake zinali zoona: pa 31 Malichi ngongole inalidi madola 44,000. Ndikuletsa jenolo yapamanja pa zifukwa ziwiri. Masisitimu ena amasunga chizindikiro pa invoyisi chonena kuti rivaluweshoni yakutiyakuti sinabwezedwe, ndiye tsiku lina munthu wina adzaiona pamzerepo, adzaiyendetsa, 800 n'kuchoka kawiri. Komanso mzere wa rivaluweshoni ndi wapadera: ku mayuro ndi ziro, umasuntha madola okha. Munthu wolemba pamanja akasankha ndalama ya mayuro, sisitimu imawerengera yokha mayuro ofanana ndi madola 800 n'kusintha ngongole yeniyeni ya sapulaya. Pamenepo mwakonza madola, mwaononga mayuro, ndipo sitetimenti ya sapulaya sidzagwirizananso ndi yanu.

Ikalowa, Epulo simukufunika kumuyendetsanso, 750 ija inawerengedwa molondola. Ingoyesani zitatu: mayuro otsala kuchulukitsa ndi 1.11 afanane ndi leja, akaunti ya luzi ya papepala isonyeze 750 pa invoyisi imeneyi, ndipo yobweza ya pa 1 Meyi ikhale yalowadi, apo ayi mwezi wamawa tidzakumananso pano ndi 750. Onaninso bwino, dokumenti yolepherayo mwina sikukhudza sapulaya mmodzi yekhayu. Ngati inali ndi mainvoyisi a ndalama zina, onsewo ali ndi nthenda yomweyo, kungoti zina zikhoza kuphimbana, luzi kuno phindu uko.

A Mbewe: Pepani kulowerera, koma langa likufanana pang'ono. Tinalipiriratu mayuro 10,000 mu Febuluwale pa reti ya 1.07 ngati dipoziti ya makina omwe sanafike. Kutseka Epulo pa 1.11 sisitimu yandilembera phindu la madola 400. Kubweza kukuyenda bwino mwezi ndi mwezi. Koma odita akuti phindulo lichoke.

Mayi Kalua: Odita akunena zoona, a Mbewe. Chomwe timayesanso pa reti yotsekera ndi chomwe tidzalandire kapena kulipira ngati ndalama: invoyisi yosalipidwa, ngongole, ndalama za ku banki. Inu pa dipoziti imeneyo mukudikira makina, osati mayuro. Choncho imakhala pa madola 10,700 mpaka makinawo afike, ndipo gawo limenelo la mtengo wa makina lidzalowa pa 1.07 yomweyo. Gawo lotsala lokha n'lomwe lidzatenge reti ya tsiku lomwe makina akulowa m'mabuku. IFRIC 22, yomasulira IAS 21 pa nkhani ya malipiro otsogola, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, inabwera kudzathetsa mkangano umenewu. Sisitimu yakulemberani phindu chifukwa dipoziti inalowa ngati malipiro wamba pa akaunti ya sapulaya, ndiye ikuoneka ngati chinthu chotsegula cha mayuro monga invoyisi ina iliyonse. Ilowetseni ngati malipiro otsogola pa akaunti yakeyake, ndipo akauntiyo isakhale m'gulu la rivaluweshoni.

A Gondwe: Apo ndikuvomera theka. Mgwirizano ukanena kuti dipoziti ndi yobwezedwa, sapulaya akalephera abweza mayuro 10,000, ine ndimaiona ngati ndalama yomwe tingalandire, ndipo ndingaiyese pa reti yotsekera.

Mayi Kalua: Pafupifupi mgwirizano uliwonse umati wolephera abweze, a Gondwe. Tikatengera zimenezo, ndiye dipoziti iliyonse isanduka ndalama. Kwa ine imasintha pa tsiku lomwe odayo yathetsedwa ndipo chomwe tikudikira tsopano ndi kubwezeredwa. Dipoziti ya chikole, yomwe kuyambira pachiyambi cholinga chake n'kudzabwezedwa, imeneyo inde ndi ndalama.

A Gondwe: Nanga yomwe wogula ali ndi ufulu woitanitsa tsiku lililonse popanda chifukwa? Imeneyo sindingaisiye pa reti yakale.

A Mbewe: Yathu ndi yobwezedwa pokhapokha makina akapitirira masiku 120 osafika, ndipo masikuwo sanakwane. Ndiisamutsa, 400 ichoke. Funso la a Gondwe ndikalifunsa kwa odita ndi mgwirizano m'manja.

Chisomo: Dokumenti yalowa pa 1 Epulo, leja ikusonyeza 27,750. Munali mainvoyisi ena atatu a mapaundi m'menemo, awiri a masapulaya ndi imodzi ya kasitomala, ndikuwayesa imodziimodzi. Meyi ndamutsegula kale, ndipo yobweza ya 750 ndaiona ndi maso anga kuti yalowa.